Chenjezo la Clever

Mayi Hellen Sambani ankayang'anira za ogwira ntchito pa kampani ina yogula thonje ku Balaka. Lolemba lina m'mawa, a Elliam Ngwale, bwana wa depoti, analowa mu ofesi mwawo osagogoda.

"Mumulembere Bilali chenjezo lomaliza. Lero lomwe."

Bilali anali kalaliki wa pasikelo. Lachisanu anachedwa kubwera kuchokera ku mzikiti, alimi n'kumadikira padzuwa ndi mabelo awo. A Ngwale atamukalipira pagulu, iye anayankha kuti, "Ndine munthu bwana, si makina."

"Mulembe kuti ndi wamwano, waulesi, ndipo akadzangoyerekezanso tidzamuchotsa," anatero a Ngwale.

"Ndimumve kaye mwiniwake," anayankha Mayi Sambani. "Palinso nkhani ya Clever."

Nkhope ya a Ngwale inasintha. Clever, dalaiva wa lole, anali mwana wa mlongo wawo. Loweruka anamupeza atanyamula matola pa msewu wa ku Utale, amayi ndi ana atakhala pamwamba pa mabelo a thonje.

"Ameneyo ndamulankhula kale kunyumba. Zatha."

"Iyayi, sizinathe. Ali kale ndi chenjezo lolemba pa mlandu womwewu, ndipo nthawi yake sinathe."

"Mayi, kodi bwana pano ndi ndani?"

"Ndi inuyo. N'chifukwa chake mudzasaina ndinu."

A Ngwale anatuluka n'kumenyetsa chitseko.

Masana Bilali anabwera ndi mnzake woti amve nawo. Anakhala pampando atapinda manja. Anavomera kuti anachedwa, ati njinga inaphulika tayala, koma anavomeranso kuti foni anali nayo ndipo sanaimbire aliyense. Fayilo yake inalibe kanthu koipa chiyambire ntchito.

"Ili ndi chenjezo la pakamwa," anatero Mayi Sambani. "Lachisanu munasiya sikelo yopanda munthu osadziwitsa aliyense. Mukaona kuti muchedwa, muziimba. Zikachitikanso, tidzafika pa chenjezo lolemba. Ndilemba mufayilo tsiku ndi zomwe takambiranazi, basi."

"Pakamwa koma mukulemba?" Bilali anaseka monyoza. "Nonse ndinu amodzi. Amene ananditukwana pamaso pa alimi mwamuchenjeza?"

"Ngati muli ndi dandaulo, lilembeni, ndilipititsa kulikulu."

Bilali anangotsonya n'kutuluka.

Clever naye anamvedwa tsiku lomwelo. Sanakane. Anati madalaiva onse amatero, ndipo malume ake akudziwa.

Mawa lake Mayi Sambani anaika kalata patebulo pa a Ngwale. Inkati Loweruka Clever ananyamula anthu pa lole ya kampani, zomwe malamulo a kampani amaletsa chifukwa zimaika miyoyo pachiswe. Inatchula chenjezo loyamba lija ndi tsiku lake, n'kunena kuti ili ndi lomaliza, likhala chaka, ndipo akabwereza akhoza kuchotsedwa ntchito atamvedwa mbali yake. Kumapeto inanena komwe angachite apilo.

A Ngwale anawerenga akugwedeza mwendo.

"Wachipongwe uja mwangomusisita, mwana wa mlongo wanga mukumupachika?"

"Wina walakwa koyamba, ndipo palibe anavulala. Winayu wabwereza zomwe zikanapha anthu. Mukamupatsa Bilali lomaliza n'kudzamuchotsa, ku ofesi ya leba adzafunsa kuti machenjezo enawo ali kuti."

"Chotsani mawu akuti 'lomaliza'. Mungolemba kuti asamale."

"Lole ikadzagubuduzika ndi anthu, tidzati tinamuuza chiyani? Mawuwo sindichotsa. Mukakana kusaina, nditumiza kulikulu momwemo, ndi chifukwa chake."

 A Ngwale anatenga cholembera n'kusaina mwamphamvu mpaka pepala linabooka.

Clever atawerenga, anaponya kalatayo pansi.

"Sindisaina zopusazi!"

"Kusaina sikuvomera mlandu, n'kungosonyeza kuti mwalandira," anatero Mayi Sambani. Clever atakanabe, mayiwo anaitana mlonda wa pageti kuti akhale mboni, n'kulemba m'munsi kuti wapatsidwa koma wakana kusaina.

"Mudzaona, mayi inu," anatero Clever ali pakhomo. "Balaka ndi yaing'ono."

Sabata isanathe, a Ngwale analengeza kuti ofesi ya Mayi Sambani ikufunika posungira mankhwala a thonje. Tebulo lawo linasamutsidwira kukona ya nyumba yosungira mabelo, komwe fumbi limalowa m'maso ndi m'makapu. Moni wa bwana unatha. Bilali nayenso ankawadutsa ngati sakuwadziwa.

Lachisanu lotsatira masana, foni yawo inalira. Anali Bilali, mawu ake ouma.

"Ndichedwa pang'ono. Muuzeni bwana wanuyo."

Anadula asanayankhidwe. Mayi Sambani anapukuta fumbi m'manja, n'kupita kukapeza munthu woti agwirizire sikelo.