Bambo Anali pa Nambala 5

Tsamba la pa intaneti lotumizirapo ntchito linkatseka 4 koloko madzulo, ndipo pamene imakwana 3 ndinali ndikadali mu labu ya makompyuta, pa makina a pakona omwe batani lake la E limafuna kulikanikiza ngati ukupha nsikidzi.

Ntchito yake inali yamanyazi kuifotokoza. Aphunzitsi anatiuza kulemba pulogalamu yowerenga mndandanda wa anthu ndi zaka zawo, n'kutchula wamkulu pa onse. Ukaikweza pa tsambalo, linkaiyesa ndi mindandanda khumi yobisika n'kukuuza zomwe wakhoza. Ine kuyambira Lachitatu ndinkapeza 9. Mayeso achikhumi ankangofiira osanena chifukwa.

Pambali panga panali mnzanga wa m'kalasi yemwe tinkamutcha Pulofesa, chifukwa sanamvepo funso lomwe analibe yankho lake. Iyenso anapeza 9, n'kutumiza dzulo lake. Anandifotokozera kuti mayeso achikhumiwo ndi olakwika, aphunzitsi anawalemba ali ndi tulo, ndipo munthu wanzeru salimbana ndi zolakwa za akuluakulu. Anabwera mu labu kudzangotchaja foni.

Ndinali nditayesa zonse zomwe ndinkadziwa. Ndinaika anthu awiri a zaka zofanana, zinayenda. Ndinaika khanda la zaka 0, zinayenda. Ndinaika mindandanda yaitali, n'kumabisa nkhalamba pakati penipeni kuti pulogalamu ivutike, koma inkaipeza ndithu. Ndinasintha mayina a zinthu, kenako n'kuwabwezera. Bambo oyang'anira labu, omwe tonse tinkawatcha a Makiyi, anadutsa kumbuyo kwanga n'kunena kuti iwo amatseka 4 koloko ngati tsambalo, kusiyana kwake n'kwakuti iwo ali ndi basi yoti akakwere.

Cha m'ma 3:30 mutu unakana kupeka anthu ena. Ndinangolemba a kwathu, kuyambira wamng'ono: chitsirizira wathu wa zaka 9, mng'ono wanga wa 14, ine wa 21, achimwene a 26, mayi a 49, bambo a 55. Ndinakanikiza batani.

Pulogalamu inati wamkulu ndi mayi.

Pulofesa anasuzumira, n'kunena kuti iye anafikako kwathu, ndipo sakuonapo cholakwika. A Makiyi, omwe anali akutseka mawindo, anati kwawonso ndi choncho.

Ine sindinaseke. Ndinayang'ana mzere womwe umayendetsa pulogalamu pa mndandanda, mzere womwe ndinali nditauwerenga mwina kokwana zana osauona:

for (i = 0; i < n - 1; i++)

Ndinatambasula zala. Anthu analipo 6, ndiye n ndi 6. Kompyuta imayamba kuwerenga pa 0, choncho chitsirizira anali pa 0, mng'ono wanga pa 1, ine pa 2, achimwene pa 3, mayi pa 4, bambo pa 5. Koma mzerewo unkati pitiriza pokhapokha i ali wochepera n - 1, kutanthauza wochepera 5. Pulogalamu inkafika pa mayi n'kubwerera. Bambo sinkawaona n'komwe, ndipo aliyense wokhala kumapeto kwa mndandanda sinkamuona. Nkhalamba zanga zonse ndinkaziika pakati, n'chifukwa chake zinkapezeka.

Ndinakumbukiranso komwe "- 1" ameneyo anachokera. Sabata yathayo tinalemba pulogalamu yosanja manambala, yomwe inkayerekeza nambala iliyonse ndi yotsatira yake. Kumeneko kuima msanga kunali kofunika, chifukwa nambala yomaliza ilibe yotsatira. Mzerewo ndinaukopera wonse osaufunsa. Ndipo pulogalamu yosanjayo tinalemba limodzi ndi Pulofesa.

Ndinafufuta "- 1", n'kuyesanso. Inati bambo. Ndinaikweza pa tsamba, kachizindikiro kanazungulira kwa nthawi yokwanira kupemphera, kenako mizere khumi yonse inabiriwira. Ndinatumiza 3:51.

Ndinkayembekeza kumva chinachake chachikulu. Ndinangomva kuti khosi likuwawa ndiponso kuti sindinadye chamasana.

Pulofesa anati iye ankakayikira pomwepo kuyambira kale, kungoti ankafuna ndipeze ndekha kuti ndiphunzire. Kenako anazula foni yake, n'kuimirira pafupi ndi mpando wanga osachoka.

"Iwe," anatero, "tsamba lija limalola kutumiza kachiwiri?"

Ndinamuuza kuti limalola, mpaka 4 koloko. Makompyuta ena onse a Makiyi anali atathimitsa kale, ndiye ndinamusiyira wanga. Anakhala pansi n'kuyamba kulemba dzina lake lolowera, lomwe linali ndi ma E atatu.

"Mphindi zisanu ndi ziwiri," anatero a Makiyi ali pakhomo, chikwama chili kale paphewa.

Ndinatsika masitepe, ndipo ndili panja ndinaimbira bambo. Anadabwa, chifukwa nthawi zonse ndimaimbira mayi. Anandifunsa ngati zonse zili bwino, ndinati inde. Kenako anandifunsa ngati ndikufuna kulankhula ndi mayi anga.