Foni ya Amake Harim

Uthenga unafika Harim akuwodzera m'kalasi. M'mawa umenewo mzinda wa Daejeon unali utamira m'nkhungu, mawindo atayera ngati wina wawawaza ufa, ndipo mawu a Pulofesa Maeng ankamveka chapatali.

"Wakuba wa pa intaneti sathyola chitseko," ankatero mphunzitsiyo. "Amaponya nyambo, inu n'kumutsegulira nokha. Musaganize kuti amakola adyera okha. Amakolanso aulemu, amantha ndi achisoni."

Harim anali m'chaka chachiwiri cha maphunziro a zaupandu, ndipo mawu amenewa anali atawamva mpaka kumukwana. Foni inanjenjemera m'thumba. Ataitulutsa anaona dzina limene anali asanalimbe mtima kulifufuta: Amayi.

Amayi akewo, a Gyeongja, anali atamwalira chaka chathacho, masamba akuyoyoka.

"Mwamuna wanga watisiya m'bandakucha uno. Za malo a maliro onani apa." M'munsi mwake munali linki yobiriwira.

Anadziwa nthawi yomweyo kuti ndi nyambo. Komabe chala chake chinaima pamwamba pa linkiyo, chifukwa mtima sulowa m'kalasi. Anatuluka panja n'kuimbira bambo ake.

"Ndili moyo," anayankha a Ok Dusik asanapatsidwe n'komwe moni. "Ndakhala ndikuuza anthu kuyambira m'mawa, koma ena akuoneka kuti akhumudwa."

Basi yopita kwawo ku Gunsan inkayenda ngati ikusambira. Minda ya mpunga inkatulukira m'nkhungumo n'kumiranso, ndipo Harim ankangoona amayi ake atakhala penapake poyera, magalasi ali pamphuno, akulemba uthenga ndi chala chimodzi monga ankachitira.

Kasitolo ka bambo ake kanali kuseri kwa msika wakale. Moyo wawo wonse a Dusik anasema zidindo za maina, timitengo tija munthu amadinda nato akamagula nyumba kapena kukwatira. Tsiku limenelo pakhomo panali maluwa oyera a maliro, ndipo azakhali ake a Harim, a Buni, anali atakhala pampando atavala zakuda, akusenda lalanje.

"Tamuona malemu wako," anatero a Buni, akulozera mlongo wawo ndi khoko la lalanje. "Ine ndalira mutakisi njira yonse, kudzapeza munthu akudya zakudya zamasana."

"Unafuna ndife ndi njala?"

"Mwina ukanafa ndi manyazi. Linkiyo ine sindinaikhudze, maso anali misozi yokhayokha."

Harim sanaseke. "Ababa, foni ya amayi ili kuti?"

A Dusik anagwira thumba la pachifuwa.

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Maliro atatha, a Dusik anasinthira nambala ya akazi awo m'dzina lawo kuti isatsekedwe. Foniyo ankaitchaja tsiku lililonse pafupi ndi chithunzi cha malemu. Mlungu wathawo munalowa uthenga wa maliro wochokera pa nambala ya mayi wina amene ankaimba kwaya limodzi ndi amake Harim.

"Mayi uja anabwera pa maliro a amako, anagwada, anatipepesa. Ndikanakhala bwanji osapita kwawo? Ndinadina kuti ndione malo. Inati ndiike kapulogalamu koonera uthengawo. Kenako inayamba kufunsa, lolani ichi, lolani icho. Ndinalola. Pamaliro munthu sukana."

"Malowo munawaona?"

"Panangoyera."

Harim anatseka maso. Zimene a Dusik analola zinali maina onse a m'foni, mauthenga ndi zithunzi. Kapulogalamuko kanatumiza zonsezo kwa eni ake, kenako kanayamba kulembera anzawo a malemu pa nambala ya malemu yomweyo. Ndipo m'zithunzimo, Harim anakumbukira, munali chiphaso cha bambo ake, kutsogolo ndi kumbuyo. Amayi ndiwo ankawakonzera za kuchipatala.

Harim anatsegula kompyuta yake pakati pa tizidutswa ta mitengo n'kufufuza manambala olembetsedwa m'dzina la Ok Dusik. Anapezamo achilendo, otsegulidwa masiku omwewo. Manambala achinsinsi otsimikizira kuti wolembetsayo ndi mwini dzina ankabwera pa foni ya amayi, akubawo n'kumawawerenga ali kwawo. Anaimitsa kulembetsa kwatsopano, anaimbira kampani ya mafoni ndi banki, koma mtima sunatsike.

"Ababa, pali munthu amene akuyenda ndi dzina lanu. Akaimbira gogo wina n'kumupusitsa, apolisi akafufuza nambalayo, adzagogoda pakhomo pano. Chotsimikiza kuti si inu chili m'thumba mwanumo."

"Ingoifufutani zonse iyambirenso," anatero a Buni. "Mwana wa mnzanga anatero."

"Ayi, azakhali, kumeneko n'kuwotcha umboni. Iyenera kupita kupolisi momwe ilirimu. Akatha kukopera ndiye tidzaifufute."

"Ndiye kuti kufufuta kulipo ndithu," anatero a Dusik.

"Zithunzi tidzasunga."

"Sindikunena zithunzi."

Harim anadziwa chimene ankanena. M'mawa uliwonse, nthawi yotsegula sitolo, foniyo inkalira alamu imene amayi anaitchera kalekale, ndipo pagalasi pankatuluka mawu olemba okha: *Mankhwala a bambo wamakani uja.* Alamu ina munthu angathe kuitchera, mawu omwewo angathe kuwalemba, koma chala sichingakhale chomwecho.

A Dusik anavomera chimodzi chokha, kuti Harim aidule pa netiweki. Pakona pa galasi panaoneka kachithunzi ka ndege, foni n'kubwerera m'thumba.

Madzulo nkhungu inabwereranso kuchokera kunyanja n'kudzaza tinjira ta mumsika. A Buni anapita kukaphika msuzi wa ndere. Harim anakhala akuonerera bambo ake akusema, kampeni kakuyenda mwakachetechete. Anawamvera chisoni, komanso anawakwiyira.

"Ndinauwerenga uthengawo," anatero a Dusik osadzutsa mutu. "Uli m'gulu la otumizidwa. Ndikudziwa kuti ndi akuba, usandiyang'ane choncho. Koma akuti *mwamuna wanga*. Chaka chonse, kupatula alamu ija, foni ija inali duu. Lero yalankhula, ndipo yalankhula za ine."

Chitseko chinatseguka, nkhungu n'kulowa limodzi ndi mayi wachikulire wovala zakuda. Anali a Jin, ogulitsa nsomba zouma, mnzawo wa amake Harim kuyambira ali atsikana. Anayang'ana a Dusik nthawi yaitali, kenako anakhala pansi osauzidwa.

"Ndamva kuti muli moyo, koma ndimafuna ndione ndekha," anatero. "Ndinaona dzina la Gyeongja pafoni. Ndinati mnzanga akundiitana, ali yekha ndi maliro. Ndinadina, ndinalola zonse zimene inafunsa. Tsopano ana anga akundiimbira foni akulira, akuti ndawalembera kuti bambo awo afa." Anapukuta maso ndi nsana wa dzanja. "Likanakhala dzina lina sindikanadina."

Harim anatenga foni ya a Jin n'kuidula pa netiweki. A Dusik anaika kampeni pansi. Khosi lawo linafiira mpaka m'makutu.

M'mawa mwake bambo ndi mwana anali oyamba pa nthambi ya apolisi yofufuza milandu ya pa intaneti. Wofufuza wake, a Bang, anali mayi wa maso otopa. Anamvetsera, analemba, kenako anayang'ana Harim.

"Simunafufute kanthu?"

"Ayi. Tinangoidula."

"Mwachita bwino. Tikopera zonse zili m'katimu osasintha kalikonse, kenako tiunika kapulogalamuko. Kamakhala ndi adiresi ya kompyuta imene kamatumizako katundu wakuba. Zikaoneka kuti manambala otsimikizira aja ankapita kumeneko, dzina la bambo layera."

"Kompyutayo ili kuti?" anafunsa a Dusik.

"Kawirikawiri kunja. Amachita lendi m'dziko lina, eni ake ali m'dziko linanso. Ife kumeneko tilibe mphamvu yolowa m'nyumba ya munthu. Timayamba ndi kupempha apolisi anzathu kuti zolembedwa za kompyutayo zisungidwe msanga, chifukwa zimafufutika zokha pakapita nthawi. Kenako pempho lenileni loti atipatse limadzera ku unduna wa zachilungamo, limamasuliridwa, limadikira woweruza wa kumeneko. Imatha miyezi. Nthawi zina akayankha timapeza mbalame zinauluka kale. Sindikunamizani, bambo."

"Ndiye zithunzi za amake mwanayu zili kunja?"

"Makope ake, mwina."

"Dziko lotentha?"

A Bang anamwetulira pang'ono. "Mwina lotentha."

A Dusik anayang'ana pawindo, pamene nkhungu inali itayamba kung'ambika. "Sanakwerepo ndege, mukudziwa. Ankati ndikatseka sitolo tidzapite kumene kulibe chisanu. Ine ndinkati chaka chamawa." Anagwira thumba la pachifuwa. "Wapita ndi anthu olakwika."

Anatulutsa foni ija, anaipukuta ndi mkono wa malaya, n'kuiika patebulo ndi manja awiri. A Bang anailowetsa m'kathumba kotchinga netiweki n'kukatseka. Pa pepala lovomereza, a Dusik anakana cholembera. Anatulutsa chidindo chawo, anachiviika mu inki yofiira, n'kudinda dzina lawo mwamphamvu.

Akuimirira kuti azipita, m'kathumba muja munamveka kulira, chapansipansi ngati kochokera m'chipinda china. Inali nthawi yotsegula sitolo. A Bang anatambasula dzanja kuti aizimitse.

"Isiyeni imalize," anatero Harim.

A Dusik anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kabotolo ka mapiritsi.

"Ndamva, amake Harim," anatero chapansipansi. Kenako anatembenukira kwa wapolisiyo. "Mungandigawireko madzi?"