Siponji mu Diresi la Mayi Zipi

Mumsewu monse anali kudziwika kuti Mayi Zipi, ndipo dzinalo silinachokere ku ntchito yawo yosoka yokha. Pakamwa pawo pakatseguka, potseka panali kuvuta. Anali ndi kashopu ka chipinda chimodzi pakati pa wometa ndi wogulitsa mabatire. Mmenemo munali makina awiri, ena awo ena a akulu awo, tebulo lodulirapo nsalu, ndi kalilole wosweka pakona.

Thupi analinalo, lija lodzaza mpando. Koma si kuti anabadwa nalo. Zaka zambiri m'mbuyomo kachilombo ka HIV kanawagwetsa mpaka kutsala mafupa okhaokha, anthu a mumsewu n'kuyamba kufunsana kuti makina aja adzagula ndani. Amene anawabereka kumsana kupita nawo kuchipatala anali akulu awo. Atayamba ma ARV, akuluwo analumbira kuti mng'ono wawo sadzaondanso. Buledi ankamupaka majarini mbali zonse ziwiri, tiyi ankamuthira shuga mpaka supuni kulemera, nyama ankasankha ya mafuta. Mayi Zipi ananenepa, miseche inatha, makasitomala anabwerera.

Tsono tsiku lina kuchipatala, dokotala wamkazi amene anali kuwaona kwa zaka anawauza kuti abwere m'mawa asanadye kanthu, awayeze mafuta a m'magazi. Zotsatira zitatuluka, dokotalayo anakoka mpando.

"Kachilombo kagona, mayi. Sikakuoneka n'komwe m'magazi. Koma mafuta sali bwino."

"Mafuta ndiye ndili nawo, adokotala. Ndinawavutikira."

Dokotala anaseka, kenako anafotokoza. Kolesitolo woipa, amene amakakamira m'mitsempha, anali atakwera. Wabwino, amene amathandiza kuchotsa woipayo, anali wochepa. Panalinso mafuta a mtundu wina, okwera ndi shuga ndi mowa, nawonso anali pamwamba. Anati kachilomboko pakokha kamasokoneza mafuta a m'magazi, ndipo ngakhale katagona kamasiya kakutupa kosamveka m'mitsempha. N'chifukwa chake munthu amene ali nako, matenda a mtima ndi sitiroko amatha kumupeza msanga kuposa anzake a msinkhu womwewo.

"Koma ine sindikumva kupweteka paliponse."

"Sizipweteka zimenezi. Ambiri amadziwa tsiku limene mkono wakana kunyamuka."

Mawu amenewo anawalowa Mayi Zipi. Imfa anali ataonana nayo kale maso ndi maso, sinali yachilendo. Koma mkono wakufa, kukhala pampando n'kumayang'ana wina akupalasa makina awo, zimenezo ayi. Analandira mapiritsi otchedwa sitatini, limodzi patsiku, otsitsa kolesitolo. Anauzidwa kuti ma ARV asasiye ngakhale tsiku limodzi, minofu ikayamba kuwawa mosadziwika abwere adzanene, achepetse shuga, zokazinga ndi nyama ya mafuta, adye nyemba, nsomba ndi masamba, ndipo aziyenda mpaka kutuluka thukuta. Pakatha miyezi itatu adzayezedwenso.

Anayamba kupita kushopu wapansi, basi n'kumawapitirira. Akulu awo zinawanyansa kuyambira tsiku loyamba.

"Dokotala wanji wouza munthu wa matenda ako kuti asadye? Anakuona iyeyo nthawi ija?"

"Sananene kuti ndisadye, asisi. Anati ndisinthe zodya."

"Mapiritsi akowo ndi amene akukuyamwa."

"Mapiritsi saondetsa. Ndi miyendo yangayi."

Pofika mwezi wachitatu malaya anayamba kukhwepa m'chiuno. Sikunali kuonda kwenikweni, koma maso a mumsewu ndi akuthwa pa zinthu zosawakhudza. Mkazi wa wometa anayamba kuwapatsa moni wa chisoni, uja wopendeketsa mutu. Mayi wina amene anasiya nsalu ya diresi laukwati wa mwana wake anabwera kudzaitenga, ati asintha maganizo. Mayi Zipi anamupatsa nsaluyo ataipinda bwinobwino, mtima ukuwira.

Pa tsiku lokayezetsanso anatenga diresi lawo lobiriwira limene akulu awo anali atalitenga kuti alikonze zipi. Polivala anamva kulemera kwachilendo. Linawakwana thi, mapewa ali mbwee, m'chiuno modzaza ngati kale. Anapisa dzanja mkati. Pansi pa nsalu yamkati munali siponji, yodulidwa mopyapyala, yosokedwa ndi manja mwaluso loti telala wina aliyense akanaombera m'manja.

Anapita nalo kuchipatala choncho, siponji ikuwatentha njira yonse. Namwino atawakweza pasikelo n'kuwayang'ana kawiri, iwo anangoti, "Lembani za sikeloyo, diresili ndi labodza." Dokotala anawauza kuti kolesitolo woipa watsika bwino, mafuta ena aja atsikanso ngakhale sanafike pofunika, wabwino uja sanasunthe kwenikweni. Kachilombo kanali chigonere. Apitirize zonse, mapiritsi asasiye poti manambala akoma.

Anafika kushopu masana, muli makasitomala awiri ndi mkazi wa wometa amene anabwera kudzabwereka ulusi umene sabweza. Mayi Zipi analowa kuseri kwa katani, navula diresi, natuluka atavala chovala cha ntchito. Analiyala patebulo, kunja kukhala mkati, natenga lezala.

"Ukutani?" anafunsa akulu awo, makina ataima.

"Ndikuchotsa mnofu wanu, asisi."

Anatumbula msoko woyamba, siponji n'kugwa pansi. Wachiwiri chimodzimodzi. Mkazi wa wometa anayamba kuyang'ana kudenga ngati kuli nkhani.

"Inu amayi, yang'anani kuno, musavutike ndi kuba ndi maso," anatero Mayi Zipi. "Kachilombo ndili nako, mukudziwa kale, munalengeza ndinu. Kali phee. Chimene ndikulimbana nacho pano ndi mafuta a m'magazi, ndipo ndikuwagonjetsa. Mukakafotokoza kumeneko mukafotokoze zonse, osadula."

Mayiyo anatuluka, ulusi n'kuusiya. Makasitomala aja anakhalabe, mmodzi akubisa kuseka m'dzanja.

Akulu awo sanaseke. Anatola siponji ija pansi, naigwira pamiyendo, misozi ili chuchuchu.

"Ndimafuna anthu a mumsewu akusiye," anatero motsitsa. "Komanso ine ndemwe. Ndikaona fupa la paphewa lakolo, ndimamva kupepuka kwako kumsana kwanga. Unali ngati mtolo wa zovala. Sindingathe kuonanso zimenezija."

Mayi Zipi zinawapweteka, chifukwa ankadziwa kuti mayi ameneyu ndiye anawachotsa m'kamwa mwa imfa ndi supuni. Koma kubwerera m'mbuyo sakanatha.

"Asisi, nthawi ija ndinkaonda chifukwa ndinkafa. Pano ndikuchepa chifukwa ndikufuna kukhala. Mukapitiriza kundithira mafuta, mudzandiberekanso, ulendo uno ndili wolemera, mbali imodzi yakufa. Msana wanu umenewo?"

Akuluwo anapukuta m'maso ndi kansalu kotsala. Anayang'ana mng'ono wawo kuyambira kumapazi, amene anali ndi fumbi la ulendo, mpaka kumaso. Anayang'ana nthawi yaitali, ngati akufufuza munthu wodwala uja, ndipo sanamupeze.

Mayi Zipi anavalanso diresi lija, lili lende m'mbali, naima pakhomo penipeni pamene msewu wonse ukanawaona. Anatambasula manja.

"Bwerani mulichepetse. Lindigwire thupi."

Akulu awo anaimirira pang'onopang'ono, natenga mapini, nawaluma pamilomo. Anagwira nsalu ya diresilo m'chiuno. Anatsina pang'ono chabe.

"Onjezani," anatero Mayi Zipi.

Anaonjeza.