Mwawi wa Mapepala

Tusekele ankapangira sukulu ya mkaka ya ku Nsungwi kanema wa ana, wonena za kamtsikana kachialubino. Anakatcha Mwawi, dzina la mwana wake, yemwenso ndi wachialubino. Iye ankalemba malangizo pa laputopu, pulogalamu ya AI n'kumajambula: zonse zioneke ngati mapepala odula ndi sizasi, zopanda mithunzi, Mwawi akhale wa khungu loyera, chipewa chachikasu, diresi lobiriwira.

Koma pulogalamuyo sinkakumbukira zimene yajambula kale. Pa gawo lachitatu, Mwawi akudumpha chingwe, inamudetsa khungu kuti afanane ndi anzake.

"Zisiyeni choncho, Amayi," anatero a Gilford, eni sukuluyo. "Ana sangazindikire. Mwinanso makolo akonda chonchi."

"Wanga azindikira," anayankha Tusekele, nkhope ili gwa.

Anatenga sizasi, nadula Mwawi pa mapepala enieni, n'kumujambula ndi foni. Chithunzicho anachiika mu pulogalamu ngati chitsanzo, ndipo pa gawo lililonse ankabwereza mawu omwewo a mitundu, osasintha ndi limodzi lomwe. Ikaphonyabe, ankafufuta n'kuyambiranso.

"Bandulo ya intaneti ikutha, Amayi," anadandaula a Gilford.

"Ithe! Mwana wanga amamunena tsiku ndi tsiku mumsewu, sindinamubisepo. Ndiye andibisire ndi makina?"