Dzanja Limene Linasayina Si Langa

Ndinawauza Lachiwiri m'mawa, inki isanakhudze malaya ndi amodzi omwe. Ndinati, "Alamu, kankhodolero aka kachoke."

Alamu angawo ndi akulu awo a amuna anga, ndipo ndiwo eni shopu yosindikiza malaya ndi zikwangwani. Anthu amawatcha Pulofesa, iwo n'kumayankha osadziwa kuti akusekedwa. Amuna anga amakhala pa makina. Ine ntchito yanga inali kuwerenga pepala loyesera. Tisanasindikize chilichonse timatulutsa pepala limodzi, wowerenga afufuze zolakwa, akakhutira asayine m'munsi ndi kulemba deti. Lamulo la shopu n'lakuti wasayina ndiye wavomera, zikalakwika mlandu ndi wake.

Tsiku limenelo inali oda ya malaya mazana awiri a ana a sukulu yamkaka. Pachifuwa panali mbalame ili pachisa, pansi pake mawu a Chingerezi. Ahedi a sukuluyo analemba okha bwinobwino kuti *Every bird loves its nest*. Alamu powataipa anaika *it's*, ati kuwakonzera.

Mtima wanga unali m'mwamba chifukwa sukulu imeneyi ndi yomwe inali itandilemba ntchito yothandiza aphunzitsi. Ndinayenera kuyamba Lolemba. Chimalizireni sekondale, aka kanali koyamba kuti munthu andifune chifukwa cha mutu wanga.

"Chisacho n'cha ndani?" anafunsa alamu, maso ali pa kompyuta.

"Cha mbalame."

"Ndiye? *The bird's nest*, nkhodolero. *The teacher's bag*, nkhodolero. Chinthu chikakhala ndi mwini, nkhodolero. Kapena kusukulu kwanu ankaphunzitsa ndi mlonda?"

"Pa mayina ndi zoona, alamu. Koma nkhodolero ili ndi ntchito inanso, yosonyeza kuti pachoka chilembo. Ngati ife tikamati m'nyumba m'malo mwa mu nyumba. *It's* ndi *it is* kapena *it has*. Tawerengani mokweza: *loves it is nest*. Zikumveka? *Its* yaumwini ili ngati *his* ndi *hers*, zonsezo zilibe nkhodolero."

Mwana anali kumsana, ndinkamugwedeza ngakhale sankalira.

Alamu anazungulira pampando. "Achimwene, mwamva? Tili ndi Mngerezi m'banja muno. Ntchito ndi yopukuta ana mamina, koma mapewa afika kale kudenga."

Amuna anga anaseka kaseko kawo kamene amasekera alamu okha. "Mayi a mwana, tangosayinani. Kachinthu kochepa ngati chitosi cha ntchentche, ndani akakaone?"

Sindinasayine. Ndinazunguliza kankhodoleroko ndi bolopeni yofiira, n'kulemba pambali kuti kachoke, ndi deti. Alamu anakwinya pepalalo n'kuliponya m'basiketi. Atatuluka kukasuta ndinalitola, ndinaliwongola pabondo, n'kulibisa m'chikwama cha matewera. Sindikudziwa chifukwa chake. Ine ndimasunga zinthu basi.

Lachitatu ndinakhala tsiku lonse pamzere kusikelo ndi mwana. Lachinayi pofika kushopu ndinapeza malaya ali kale m'makatoni, selotepi ali thwii. Ndinafunsa ngati anakonza. Amuna anga anati, "Zonse zili bwino," akupukuta manja omwe anali oyera kale.

Lachisanu masana ahedi anabwera okha. Ndi mayi wamfupi, wa magalasi a chingwe, wosakweza mawu. Anang'amba katoni ndi kiyi wa galimoto, anatambasula malaya amodzi pakauntala, n'kuloza kankhodolero kaja.

"Makolo a ana mazana awiri aziwerenga izi pachifuwa pa ana awo? Sukulu yophunzitsa Chingerezi?"

Alamu anayamba za *the bird's nest* zija. Ahedi anawadula. "Bambo, ndaphunzitsa zaka makumi awiri ndi zitatu. Musanditopetse. Anawerenga ndani?"

Ndinaganiza kuti apa Pulofesa agwa. Koma anatsegula dirowa modekha, n'kutulutsa pepala loyesera latsopano, losakwinyika. M'munsi munali siginecha yanga.

Ndinayandikira. Inali yofanana ndithu, koma mchira wake unapita kumanzere, pomwe wanga umakwera kumanja. Munthu m'modzi yekha ndiye amaona siginecha yanga tsiku ndi tsiku. Ndinayang'ana amuna anga. Iwo ankayang'ana makina.

"Mukuona, madamu," anatero alamu, dzanja pamtima. "Ife tinadalira mlamu wathuyu poti ndiye wophunzira. Ndi uja mwamulemba ntchitoyu. Timati atithandize, komatu mutu wa munthu woyamwitsa..."

"Ndi inu munasayina apa?" ahedi anandifunsa.

Chikwama cha matewera chinali pansi pa kauntala, chikundikhudza mwendo. Amuna anga anadzutsa mutu, maso awo akundichonderera ndi kundiopseza nthawi imodzi. Mwana anakoka tsitsi langa, ine n'kupeza pobisala: ndinayamba kumanganso nsalu yoberekera yomwe inali yomangika kale.

Ahedi anadikira. Kenako anapinda malayawo. "Pamayeso anu olowera ntchito aja funso limeneli linalipo, ndipo munakhoza. Ndiye kaya simusamala ntchito, kaya pali china. Munthu wosasamala sindingamupatse ana a eni. Mawa ndimaliza mndandanda wa antchito. Ndimafika muofesi sikisi koloko, ikamakwana seveni ndidzakhala nditautumiza." Anatuluka, makatoni n'kuwasiya pomwepo.

Kunyumba tinafika dzuwa lisanalowe. Timakhala m'zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya alamu, khoma limodzi, moti akatsokomola timamva. Ndinakhazika mwana m'beseni n'kuyamba kumusambitsa. Amuna anga anaima pakhomo.

"Mwachita bwino kukhala chete."

"Munasayina dzina langa."

"Achimwene anati oda ikuchedwa. Ndikanatani? Denga ili n'la ndani?"

"Ndiye mlandu wa akulu anu muuveke ine ngati malaya?"

"Iwe, tsitsa mawu." Akakwiya ulemu umathawa. "Shopu ikatchuka kuti mwini wake sadziwa Chingerezi, tidya chiyani? Iwe ukalakwa anthu angoti ndi mzimayi wa mwana wamng'ono, mawa aiwala. Ntchito yakoyo achimwene sanaifune n'kale. Ati ukapita, aziwerenga mapepala ndani?"

Apo ndiye ndinamvetsa. Sanangofuna woti asenze mlandu. Anaponya mwala umodzi, zagwa mbalame ziwiri, zonse m'thumba mwawo.

"Ndili nalo pepala loyamba lija," ndinatero. "Komanso deti yomwe mwalemba pa lanulo ndi ya Lachitatu. Buku lakusikelo lili ndi chidindo cha Lachitatu."

Kuseri kwa khoma wailesi ya alamu inatsika mawu.

"Ukakaonetsa mayi uja zimenezo, pakhomo pano usadzapondenso. Sindikuseka." Anatenga jekete n'kuzungulira kwa akulu awo. Posakhalitsa ndinamva akuseka awiriwo.

Madzi a m'beseni anali atazizira, mwana akumenyabe ndi timanja take. Ndinamupukuta, n'kumudzoza mafuta. Ndinaganiza za mchemwali wanga wa kutsidya kwa tauni, wa chipinda chimodzi ndi pakamwa posatseka. Adzandinena mpaka makutu kuwawa, koma chitseko adzatsegula.

Ndinaanula matewera pachingwe, ena asanaume. Pepala lokwinyika lija ndinaliika m'kati mwa buku lakusikelo, satifiketi yanga pansi pake, zovala za mwana pamwamba kuti wosuzumira aone zovala zokha. Chikwamacho ndinachikankhira kunsi kwa bedi, mbali imene ndimagona ine.

Basi yoyamba imadutsa pamphambano faifi koloko. Chitseko chathu chimalira potsegula, choncho ndinatenga mafuta a mwana aja n'kudontheza pa mahinjesi onse awiri.