Mpira Wosaoneka wa Katsinzi

Mpira womaliza wa pasukulu pathu unaphulikira pa waya wa mpanda chaka chatha, ndipo ine sindinaulire maliro. Ndimaphunzitsa masewera olimbitsa thupi. Ana amanditchula Mayi Likhweru, poti wezulo ndilibe, ndimangoika zala m'kamwa bwalo lonse n'kuti zii. Mundipatse bwalo la fumbi ndi ana, zinazo n'zokometsera chabe.

Masewera anga oyamba ndi a mpira wosaoneka. Ana amaima mozungulira, ine n'kukumbatira mphepo ngati dzungu. Woponya amayamba waitana mnzake, amadikira kuti maso akumane, kenako amaponya chapansipansi, atatsogoza mwendo wa mbali imene sakuponyera. Wowakha amatambasula manja patsogolo. Mpira ukabwera pamwamba pa chiuno, zala zazikulu zimayandikana, ukabwera m'munsi, tizala tating'ono ndi timene timayandikana. Akatero amaukokera pachifuwa. Ubwino wa mpira umenewu ndi woti sugwa ndipo supweteka munthu.

Ndinkanyadira choncho mpaka nditakumana ndi Katsinzi.

Kamtsikanaka anzake anakapatsa dzina limeneli chifukwa chinthu chikangouluka chakumaso kwake kankatsinzina, mapewa m'makutu. Mchimwene wake, yemwe ankabwereza kalasi yomweyo, ankatchedwa Legeni. Mnyamatayo mkono anali nawo, koma chilichonse ankaponya ngati akugenda galu wakuba.

Tsiku loyamba Legeni anaitana mlongo wake, n'kupukusa mkono ndi mphamvu zake zonse. Katsinzi anatsinzina, anaphimba nkhope, kenako anayang'ana pansi pafupi ndi phazi lake.

“Wagwa, aphunzitsi,” anatero.

Ana anaseka mpaka ena kugubuduka m'fumbi. Ine sindinaseke. Pa zaka zanga zonse ndinali ndisanaonepo mwana wogwetsa mpira woti kulibe, ndipo zinandiwawa mumtima. Katsinzi anawerama, anatola mphepo ija mwaulemu, n'kuipereka kwa mnzake ndi manja awiri.

M'mawa mwake mayi ake anabwera, tepi ya utelala ikadali m'khosi.

“Aphunzitsi, mwana wangayu mumuchotse ku zamasewerazi. Azikhala pansi pa mtengo n'kumasunga nsapato za anzake. Dzulo wabwera akulira. Chimugendereni mchimwene wakeyu ndi mpira pamphuno ali wamng'ono, sanachirebe mantha.”

“Mayi, mundibwereke mwanayu mpaka teremu ithe,” ndinatero. “Tsiku lomaliza mudzabwere mudzaone nokha. Mukadzati mtengo, ndidzamusesera ine pokhala.”

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. “Inu ndiye mumadzidalira.”

“Ndilibe china choti n'kudalira, mayi. Ngakhale mpira ndilibe.”

Ndinadziwa kuti mankhwala a Katsinzi ali m'manja mwa Legeni. Ndiye ndinaika lamulo latsopano: mpira ndi wa woponya mpaka mnzake atauwakha. Ukagwa, woponyayo ndi amene amakautola. Ndinawagawa m'magulu, n'kunena kuti gulu lopambana ndi lowakha kambiri, osati loponya patali. Legeni ndinamuphatikiza ndi mlongo wake, ataima moyandikana moti akanatha kugwirana chanza.

“Aphunzitsi, mpirawu kulibe!” anadandaula Legeni nditamutuma kukautola kuseri kwa zimbudzi.

“Ndi mmene waponyeramo, bambo, wafika kumeneko. Thamanga usanatoledwe ndi ena.”

Anatopa nako kuthamangako. Pang'onopang'ono mkono unayamba kufewa. Kwa Katsinzi ndinangopempha chinthu chimodzi. Ndinamuuza kuti zowakha aiwale kaye, azingoyang'ana dzanja la mchimwene wake n'kundiuza zala zimene watambasula pomaliza kuponya. Munthu sangawerenge zala ali chitsinzinire. Poyamba ankasuzumira ndi diso limodzi, kenako awiri onse, ndipo manja anayamba kutuluka okha. Akawakha bwino onse ankabwerera m'mbuyo phazi limodzi.

Pakati pa teremu tinauveka thupi mpira wathu. Ndinalamula Legeni kuti avule masokosi, tinawakulunga limodzi n'kukhala kampira kofewa. Fungo lake lokha linkathamangitsa ntchentche, koma ana anakakonda. Katsinzi atangoona chinthu chenicheni chikuuluka, maso aja anatsekekanso. Sindinadabwe, ndipo sindinabwerere m'mbuyo. Tinayambiranso pafupi, sokosi kamodzi, mphepo kamodzi. Masiku ena ankawakha, masiku ena sokosi inkamugwera paphewa iye ali mumdima wake.

Tsiku lomaliza mayi aja anabweradi, n'kuima pansi pa mtengo womwe uja, manja atapinda. Tinasewera unyolo, magulu awiri, lililonse ndi sokosi yake. Ndinalemba mizere iwiri ndi chidendene, wina uku wina uko. Gulu lililonse limamwazikana pakati pa mizereyo, palibe wosuntha mapazi, ndipo sokosi iyenera kudutsa m'manja mwa aliyense kuti ikafike kutsidya. Ikagwa, imabwerera kwa woponya, gulu linalo likupita.

Gulu la Legeni linali patsogolo. Sokosi inafika kwa iye, ndipo wotsala anali mlongo wake yekha, chiimire pamzere womaliza.

“Legeni, fulumira!” anzake anakuwa.

Iye sanafulumire. “Iwe, ndiyang'ane,” anatero. Anatsogoza mwendo wamanzere, n'kuponya ndi dzanja lamanja, mofatsa kwambiri ngati akupereka dzira. Sokosi inagunda nsonga za zala za Katsinzi n'kugwera m'fumbi.

Bwalo linati zii popanda likhweru langa. Ndinaona mayi aja akumasula manja, phazi limodzi litayamba kale ulendo wodzatenga mwana wawo.

Koma maso a Katsinzi anali gwaa, otsegula. Anagwira m'chiuno.

“Achimwene, mwafupikitsa! Mpirawo ndauona ine, sunafike. Tolani, muponye pachifuwa pano.”

Legeni, yemwe samva za munthu, anathamanga n'kukatola. Gulu linalo linali litamaliza kale ndipo linkavina, koma panalibe woliyang'ana. Anaponyanso, ulendo uno mokwanira. Katsinzi anatambasula manja, zala zazikulu pamodzi, anaitsatira sokosiyo ndi maso mpaka inalowa, n'kuikokera pachifuwa ndi fungo lake lomwe.

Anzake anamuunjirira ngati ndiwo apambana. Ine ndinaimba likhweru lalitali lopanda ntchito, chifukwa chimwemwe chinalibe kwina kotulukira.

Mayi aja anandiyang'ana. Anangogwedeza mutu, n'kuyamba ulendo wobwerera ku makina awo osokera. Atafika pageti anatembenuka, anayang'ana uku ndi uku ngati akuopa kuonedwa, n'kukumbatira mphepo.

“Mwana wanga!” anaitana.

Anaponya mpira wosaonekawo mopotoka, mwendo ndi dzanja za mbali imodzi, tepi ikulendewera. Katsinzi anadumphira kumbali, anauwakha ndi manja awiri, n'kuugwira zolimba pachifuwa.

“Ndawakha, amayi! Koma mawa muzitsogoza mwendo winawo.”