Okosijeni wa m'funso lachinayi

"Mwamubera malikisi anayi mlongo wanga, ndipo mukudziwa."

Ndinanena ndili chiimire pakhomo la labotale, pepala la mayeso lili m'manja. Aphunzitsi a Bayoloje, mayi wamfupi wa choko m'zigongono, ankatsuka timabotolo pasinki. Mlongo wanga anali kumbuyo kwanga, akundikoka shati.

"Ndinu ndani wake?"

"Mchimwene wake. Ndine ndimamuphunzitsa kunyumba."

"Oo, ndinu a Dokotala aja."

Dzinalo anandipatsa anzanga kumene timakonza mafoni, chifukwa sukulu ndinaisiyira panjira koma mabuku a Bayoloje ndimawatafuna ndekha. Mlongo wanga amafuna unamwino. Kuti alowe kalasi ya sayansi chaka chamawa pankafunika malikisi 60, iye anapeza 56. M'mawa umenewo ndinali nditawauza amayi kuti kusukuluko kuli kukondera, malo amasungira ana a mabwana, ndipo ndikubwera nawo malikisiwo.

Ndinayala pepala patebulo. Funso lachinayi linkafuna kusiyanitsa magawo awiri a mmene tsamba limapangira chakudya: gawo lodalira kuwala, ndi gawo lomanga kaboni kukhala shuga. Mlongo wanga anajambula tebulo la mbali ziwiri, n'kuika okosijeni kumbali yachiwiri. Cholembera chofiira chinakhwatcha pamenepo.

"Chalakwika n'chiyani apa?"

Aphunzitsi anapukuta manja, n'kundipatsa choko. "Tandiphunzitsani inenso, mwina ndakalamba."

Ndinalemba pabolodi mzere uja ndimaudziwa ngati nambala yanga ya foni: kaboni dayokosaidi sikisi ndi madzi sikisi zimapereka shuga ndi okosijeni sikisi.

"Taonani. Sikisi uku, sikisi uku. Tsamba limatenga kaboni dayokosaidi, n'kusunga kaboniyo, okosijeni n'kumulavula. Ndiye amatulukira gawo lachiwiri, kumene kaboni dayokosaidi amalowa. Izi n'zosachita kufunsa."

"Nanga madziwo akutani pamenepo? Angoperekeza?"

Ndinayang'ananso mzere wangawo pabolodi.

Anatenga chokocho n'kujambula kathumba, m'kati mwake timbale tosanjikizana. Kathumbako anati ndi kuloroplasti, timbaleto mathayilakoidi. Pa timbale timeneti ndi pamene kulorofilo amakola kuwala, madzi n'kuswedwa. Okosijeni amene timapumayu amachokera m'madzi oswekawo. Gawo lomwelo limapanga ATP ndi NADPH, zonyamula mphamvu ndi hayidirojeni. Kenako anagogoda ndi choko kunja kwa timbaleto, malo otchedwa sitiroma. Kumeneko kaboni dayokosaidi amalumikizidwa ku kanthu ka makaboni asanu, ATP ndi NADPH zija n'kugwira ntchito, pamatuluka shuga, ndipo kanthu kaja kamapangidwanso kuti kakalandire wina.

"Kuno sikutuluka mpweya wa okosijeni ngakhale pang'ono. Okosijeni wa mu kaboni dayokosaidi wanuyo, wina amathera mu shuga, wina m'madzi. Mzere mwalembawu umangonena zolowa ndi zotuluka. Sunena kuti chachokera kuti."

Ndinafunafuna potulukira. "Ndiye kuti m'kalasi simunawafotokozere bwino."

"Tayang'anitsitsani pepalalo."

Ndinalikweza kuwindo. Kumbali yoyamba kunali mawu ofufutidwa ndi mizere itatu ya buluu, koma ankawerengekabe: madzi amasweka, okosijeni amatuluka. Mlongo wanga analemba zoona poyamba. Kenako anazifufuta, n'kuika zanga.

Ndinakumbukira Loweruka lija patebulo lodyera, kope lake lili m'manja mwanga, ndikuseka. Ndinamuuza kuti anakopera molakwika, mwina ankasinza. Atakana ndinamenya tebulo mpaka supuni zinadumpha, n'kumubwerezetsa zangazo kasanu.

"Simungamuganizire?" Mawu anga anatuluka aang'ono ngati a munthu wina. "Yankho labwino lilipo, likuoneka."

"Chofufutidwa sitichonga. Ndikamuchongera iyeyu, nanga anzake asanu ndi awiri amene atsala ndi malikisi awiri kapena atatu? Inu mwabwerera chilungamo, si choncho?"

Ndinali nditabwereradi chimenecho. Ndinapepesa ndikuyang'ana matailosi, ndipo sindikudziwa ngati anamva, chifukwa anali atatsegulanso mpopi.

Ine ndi mlongo wanga tinayenda mpaka pageti. Mlonda anatitsegulira, n'kuyang'ana choko chimene chinandidetsa thalauza. Pamalo okwerera basi ndinayesa kumutengera chikwama, iye anachisinthira phewa lina.

"Ndikukonzera zina," ndinatero. "Chaka chamawa..."

"Ayi, achimwene." Sanakweze mawu, ndipo zikanandipepukira akanakweza. "Amayi atifunsa tikangolowa. Inu munawauza kuti aphunzitsi ndi akuba. Ine sindinamizira munthu amene anandiphunzitsa zoona, komanso sindinena kuti ndine mbuli."

Basi inaima patsogolo pathu, kondakitala akuitana anthu. Iye sanasunthe.

"Sindikwera mpaka mundiuze. Mukawauza kuti malikisi anayiwo anandichotsera ndani? Ndiyankheni."